Msonkho wa mlonda ndi msonkho wa bwana: mmene chilungamo chimayezedwera

Anthu awiri akamakangana za yemwe akulipira msonkho wambiri, kawirikawiri mmodzi amakhala akuwerenga makwacha amene achoka m'thumba, pamene winayo amakhala akuyang'ana kukula kwa bala limene makwachawo asiya pakhomo, ndipo mkanganowo sutha chifukwa aliyense akunena zoona pa muyeso wake. Akatswiri a zachuma anasankha kalekale muyeso umodzi wosiyanitsira misonkho, ndipo muyesowo si kuchuluka kwa ndalama zimene munthu wapereka, ndiponso si nambala imene yalembedwa m'lamulo, koma ndi gawo la mapezedwe a munthuyo limene msonkho watenga. Mawu akuti mapezedwe akutanthauza ndalama zonse zimene munthu amapeza pa nyengo yodziwika, monga mwezi kapena chaka, kaya ndi malipiro a pantchito, phindu la bizinesi, lendi ya nyumba kapena zokolola zimene wagulitsa. Msonkho umene munthu walipira ukagawidwa ndi mapezedwe ake, pamatuluka peresenti, ndipo peresenti imeneyo ndiyo maziko a nkhani yonse ino.

Pa muyeso umenewu misonkho ili m'magulu atatu. Msonkho wotsika ndi umene gawo lake limachepa pamene mapezedwe akukula, kotero kuti wosauka amapereka gawo lalikulu la zake kuposa wolemera, ngakhale kuti makwacha a wolemerayo angakhale ofanana ndi ake kapena ochuluka kwambiri. Msonkho wa gawo lofanana ndi umene umatenga peresenti imodzimodzi kwa aliyense, monga mmene chakhumi chimakhalira m'mipingo imene imachitsatira, pomwe wopeza K50,000 amapereka K5,000 ndipo wopeza K5,000,000 amapereka K500,000. Msonkho wokwera ndi umene gawo lake limakula pamene mapezedwe akukula, kotero kuti wopeza zambiri samangopereka makwacha ambiri, koma amaperekanso peresenti yokulirapo. Mayina atatuwa amanena za mmene gawo likuyendera, osati za mmene makwacha akuyendera, ndipo munthu amene wagwira mfundo imeneyi sasocheranso akamva andale akunena kuti olemera ndiwo amalipira misonkho yambiri, pakuti mawu amenewo angakhale oona ngakhale msonkhowo uli wotsika.

Msonkho wotsika woonekeratu kuposa yonse ndi umene umaika ndalama imodzi pa mutu uliwonse, ndipo Malawi anaudziwa msonkho umenewu kwa zaka pafupifupi zana limodzi. M'zaka za m'ma 1890, boma la atsamunda lotsogoleredwa ndi Harry Johnston linaika msonkho wa nyumba, umene unakhazikika pa mashileni atatu pa nyumba iliyonse pa chaka, mosayang'ana kuti mwini nyumbayo ali ndi khola la ng'ombe kapena alibe ngakhale nkhuku. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 msonkhowo unakwezedwa kufika pa mashileni asanu ndi limodzi, koma munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu kwa mwezi umodzi ankalipira theka lokha, zimene zikuonetsa poyera kuti cholinga sichinali kusonkhetsa ndalama kokha, koma kukankhira anthu ku minda ya azungu. Msonkho umenewu, pamodzi ndi thangata, unali m'gulu la madandaulo amene anakolezera kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Ufulu utabwera, msonkho wa pamutu wa amuna akuluakulu unapitirirabe, ndipo achikulire ambiri akukumbukira mmene anthu ankathawira m'tchire akamva kuti osonkhetsa afika, mpaka pamene unathetsedwa m'nyengo imene dziko linkalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri. Si Amalawi okha amene anaukana msonkho wotere: boma la Margaret Thatcher litauyambitsa ku Scotland mu 1989 ndi ku England ndi Wales mu 1990, mu mzinda wa London munabuka zipolowe zazikulu m'mwezi wa Malichi 1990, ndipo m'mwezi wa Novembala chaka chomwecho mayiyo anatula pansi udindo, msonkhowo uli chimodzi mwa zifukwa zazikulu. Mtundu womwewu wa msonkho ukadalipo lero m'maonekedwe aang'ono, monga tikiti ya pamsika ya tsiku ndi tsiku, imene m'misika yambiri mtengo wake susiyana kwenikweni pakati pa mayi wogulitsa milu ingapo ya tomato ndi munthu wa benchi lodzaza katundu.

Msonkho wokwera umaoneka bwino pa msonkho wa pamalipiro, umene anthu apantchito amaudziwa ndi dzina lakuti PAYE, ndipo olemba ntchito amaudula mwezi uliwonse n'kuupereka ku bungwe losonkhetsa misonkho la MRA. Malire ake amasintha pafupipafupi, koma amene anayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024 ndi okwanira kuonetsa mmene msonkhowu umayendera. Pa malipiro a pamwezi, K150,000 yoyamba sinkadulidwa kanthu. Ndalama zochokera pamenepo kufika pa K500,000 zinkadulidwa 25 peresenti. Zochokera pa K500,000 kufika pa K2,550,000 zinkadulidwa 30 peresenti. Ndipo zonse zopitirira pamenepo zinkadulidwa 35 peresenti. Chofunika kuchimvetsa ndi chakuti peresenti iliyonse imagwira chigawo chake chokha cha malipiro, osati malipiro onse, ndipo ngakhale munthu wolandira mamiliyoni ankapindula nayo K150,000 yoyamba ija yosadulidwa msonkho.

Anthu awiri ongoyerekezera angathandize kuti masamuwa amveke. Woyamba ndi mlonda wolandira K200,000 pa mwezi. K150,000 yake yoyamba sikhudzidwa, ndipo K50,000 yotsalayo ikadulidwa 25 peresenti, msonkho wake ndi K12,500, umene uli 6.25 peresenti ya malipiro ake onse. Wachiwiri ndi mkulu wa kampani wolandira K3,000,000. Iyeyu pa chigawo cha 25 peresenti amalipira K87,500, pa chigawo cha 30 peresenti amalipira K615,000, ndipo pa K450,000 yapamwamba imene yalowa m'chigawo cha 35 peresenti amalipira K157,500, zonse pamodzi K860,000, imene ili pafupifupi 28.7 peresenti ya malipiro ake. Gawo lakwera kuchoka pa 6.25 kufika pa 28.7, ndipo kukwera kumeneko ndiko kumapatsa msonkhowu dzina lake. Apa pakuonekanso kusiyana kwa miyeso iwiri imene anthu amaisokoneza. Pali peresenti ya pa kwacha yomaliza, imene imanena za msonkho wogwera ndalama yowonjezera imene munthu angapeze, ndipo kwa mkuluyu ndi 35. Palinso peresenti ya pa mapezedwe onse, imene kwa iye ndi 28.7. Woyeza chilungamo amayang'ana yachiwiriyi, pamene wofuna kudziwa ngati msonkho ukufooketsa anthu kugwira ntchito yowonjezera amayang'ana yoyamba ija.

Kusokoneza miyeso iwiriyi ndiko kunabala chikhulupiriro chofala m'maofesi chakuti munthu akakwezedwa malipiro n'kulowa m'chigawo chapamwamba, amatenga ndalama zochepa kuposa kale. Zimenezi sizichitika pa msonkho wodulidwa m'zigawo. Munthu wolandira K500,000 ankalipira K87,500, ndipo akakwezedwa kufika pa K520,000, 30 peresenti inkagwira K20,000 yowonjezerayo basi, kutanthauza K6,000, kotero kuti ankapita kunyumba ndi K14,000 yoposa ya mwezi wathawo. Ngati wina waona kuti ndalama yofika m'manja yatsika atakwezedwa, chifukwa chake chiyenera kufunidwa pa zodulidwa zina za pa pepala la malipiro, monga ngongole kapena alawansi imene yachotsedwa, osati pa zigawo za msonkho.

Msonkho umene umavuta kuuika m'gulu ndi wa pa zogulagula, wotchedwa VAT, umene kwa zaka zambiri m'Malawi unakhala pa 16.5 peresenti. Pa pepala umaoneka ngati wa gawo lofanana, chifukwa shopu siyang'ana nkhope: sopo amene mtengo wake usanaikidwe msonkho unali K1,000 ankagulidwa K1,165 ndi aliyense. Koma peresenti imeneyi imawerengedwa pa zimene munthu wagula, osati pa zimene wapeza, ndipo apa ndi pamene anthu amasiyana, pakuti wopeza zochepa amagwiritsa ntchito pafupifupi ndalama yake yonse mwezi usanathe, pamene wopeza zambiri amasunga ina kubanki, kugula malo kapena kugula masheya. Ngati mlonda uja amawononga K93,200 pa mwezi pa zinthu zokhala ndi VAT, monga shuga, sopo, mayunitsi a foni ndi zovala za m'shopu, m'kati mwa ndalama imeneyo muli msonkho wa K13,200, umene uli 6.6 peresenti ya malipiro ake. Ngati mkulu wa kampani amawononga kuwirikiza kakhumi, K932,000, msonkho wake ndi K132,000, umene uli 4.4 peresenti yokha ya malipiro ake. Iye walipira makwacha ochuluka kakhumi, koma malipiro ake ndi ochuluka kakhumi ndi kasanu, n'chifukwa chake gawo latsika kuchoka pa 6.6 kufika pa 4.4. Manambala a zogulawa ndi ongoyerekezera, koma njira yowerengera ndi yomweyo imene akatswiri amatsatira akakhala ndi manambala enieni a m'makomo.

Komabe chigamulo chakuti VAT imapsinja osauka sichiyenera kutengedwa ngati lamulo losasinthika, makamaka m'dziko la alimi ambiri. Banja lakumudzi limene limadya chimanga cholima lokha, n'kumagula masamba, usipa ndi nkhuni pamsika wa m'mbali mwa msewu, limakumana ndi VAT pa zinthu zochepa, pamene banja la m'tauni logula m'mashopu akuluakulu limakumana nayo pa lisiti iliyonse. Kafukufuku wa m'maiko ambiri osauka waonetsa kuti gawo la ndalama zogulira kwa ogulitsa osalembetsa limakhala lalikulu m'mabanja osauka ndipo limachepa pamene mapezedwe akukula, zimene zimachepetsa kutsika kwa msonkhowu, mwinanso kuusandutsa wokwera pang'ono ukayezedwa pa zimene mabanja amagula. Izi sizitanthauza kuti wosauka wapulumukiratu, chifukwa wa kagolosale amene sanalembetse VAT anailipira kale pamene ankaoda katundu wake, ndipo amaiphatikiza mu mtengo wogulitsira. Munthu amene amapsinjika kwambiri ndi wosauka wa m'tauni, wopanda munda, amene chilichonse cholowa m'nyumba mwake n'chogula.

Boma limayesa kufewetsa VAT pochotsa msonkhowu pa zinthu zofunika kwambiri, monga mmene linachitira mu 2022 pa mafuta ophikira ndi madzi a m'mipope. Njira imeneyi imathandiza, koma ili ndi malire awiri amene sanenedwa kawirikawiri. Oyamba ndi akuti mpumulo wa msonkho susankha wogula, kotero kuti nyumba imene imagula malita asanu a mafuta pa mwezi imapulumutsa makwacha ochuluka kuposa imene imagula mafuta a m'timapepala, ndipo nyumba yopanda mpope sipindula kanthu ndi kuchotsedwa kwa msonkho pa madzi a m'mipope. Achiwiri akukhudza kachotsedwe kake. Katundu akaikidwa pa ziro peresenti, fakitale imabwezeredwa VAT imene inalipira pogula zipangizo zake, ndipo mtengo ungathe kutsika mokwanira. Koma katundu akangochotsedwa m'gulu la zolipira VAT, fakitale siloledwa kuitanitsa msonkho wa pa zipangizozo, choncho imaukwirira mu mtengo, ndipo wogula amalipira msonkho umene suoneka pa lisiti. Pamenepa pali phunziro lokhudza misonkho yonse, lakuti amene lamulo lamutchula kuti apereke msonkho si nthawi zonse amene amausenza. Msonkho wa pa mafuta a galimoto umaperekedwa ndi makampani oitanitsa mafuta, koma umatsika kudzera mu mtengo wa minibasi ndi wa thumba la feteleza mpaka kufika kwa munthu amene sanakhalepo ndi galimoto.

Kudziwa gulu la msonkho ndi nkhani ya masamu, koma kugamula ngati uli wachilungamo ndi nkhani ya mfundo zimene anthu amatsutsana. Mfundo yakale kwambiri ndi ya phindu, imene imati munthu alipire molingana ndi zimene amalandira kuchokera ku boma. Mfundoyi imagwira bwino pa zinthu zooneka mwini wake, monga ndalama zolipira pa zipata za pamsewu za Chingeni ndi Kalinyeke, pomwe lole yolemera imene imawononga msewu kwambiri imalipira zambiri kuposa galimoto yaing'ono. Koma imalephera pa ntchito zikuluzikulu za boma, chifukwa palibe amene angayeze kuti chitetezo cha dziko kapena makhoti zapindulira munthu uyu makwacha angati, ndipo itatsatidwa mpaka kumapeto ingafune kuti wodwala wosauka wa m'chipatala cha boma alipire kwambiri kuposa wolemera amene amapita ku chipatala cholipira. N'chifukwa chake maiko ambiri amatsamira pa mfundo yachiwiri, ya kuthekera, imene imati munthu alipire molingana ndi mphamvu zake. Adam Smith, m'buku lake lonena za chuma cha maiko la mu 1776, anaika mfundo yoti anthu azisonkha molingana ndi kuthekera kwawo patsogolo pa malamulo ake anayi a msonkho wabwino, ndipo Britain itayambitsa msonkho wa pa mapezedwe mu 1799, m'nthawi ya William Pitt, opeza ndalama zosakwana mapaundi 60 pa chaka sankalipira, pamene 10 peresenti yathunthu inkayambira pa mapaundi 200.

Mfundo ya kuthekera ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba imati anthu opeza mofanana alipire mofanana, ndipo yachiwiri imati anthu opeza mosiyana alipire mosiyana. Pa mbali yachiwiriyi ndi pamene pali mkangano weniweni, chifukwa kunena kuti wolemera alipire zambiri sikunena kuti zambirizo zikhale zingati. John Stuart Mill, mu 1848, anayankha ndi ganizo la kudzimana kofanana, kutanthauza kuti msonkho uyenera kupweteka aliyense mofanana. Ganizoli limadalira chinthu chimene mlimi aliyense amachidziwa, chakuti thumba limodzi la chimanga lochotsedwa m'nkhokwe ya matumba khumi limabweretsa njala ya mu Febuluwale, pamene matumba khumi ochotsedwa m'nkhokwe ya matumba zana limodzi amangochepetsa zogulitsa, ngakhale kuti nkhokwe zonse ziwiri zataya gawo limodzi mwa magawo khumi. Kwacha iliyonse yowonjezera imagula chinthu chosafunika kwambiri poyerekeza ndi chimene kwacha yapitayo inagula, choncho peresenti yofanana siibala ululu wofanana. Awa ndiwo maziko olimba kwambiri a msonkho wokwera, ngakhale kuti palibe sikelo yoyezera ululu wa anthu awiri, ndipo masamu okha sanganene ngati chigawo chapamwamba chiyenera kukhala 30, 35 kapena 40 peresenti.

Otsutsa msonkho wokwera ali ndi zifukwa zimene siziyenera kunyozedwa. Iwo amati lamulo liyenera kuona nzika zonse ndi diso limodzi, kuti peresenti yapamwamba imalanga khama ndi kusunga, ndiponso kuti zigawo zikachuluka anthu opeza bwino amalemba akatswiri owathandiza kusamutsira ndalama zawo kumene msonkho uli wochepa. Mill mwiniwakeyo sankafuna peresenti yokwera pa ndalama zimene munthu wakhetsera thukuta. Ankafuna kuti ndalama zokwanira kukhalira moyo zisakhudzidwe, zotsalazo zidulidwe peresenti imodzi, ndipo kukhwima kwake anakusungira chuma chosiyidwa ndi omwalira. Estonia inatsata njira ya peresenti imodzi mu 1994 pa 26 peresenti, ndipo Russia inachita zomwezo mu 2001 pa 13 peresenti, ngakhale kuti mu 2021 inawonjezera 15 peresenti pa opeza zambiri. Chimene ambiri sazindikira ndi chakuti msonkho wa peresenti imodzi ukakhala ndi chigawo choyamba chosadulidwa, umakhala wokwera ndithu. Malawi akanati adule 25 peresenti yokha pa ndalama zonse zopitirira K150,000, mlonda uja akanalipirabe 6.25 peresenti, pamene mkulu wa kampani akanalipira K712,500, imene ili 23.75 peresenti. Izi zikuonetsa kuti kwa anthu a malipiro ochepa, chimene chimagamula za chilungamo ndi kukula kwa chigawo chosadulidwa, osati peresenti yapamwamba imene imatenga malo ambiri m'mikangano ya ku Nyumba ya Malamulo.

Chigawo chosadulidwachi chili ndi mdani amene sapita ku Nyumba ya Malamulo kukapempha chilolezo, ndiye kukwera mitengo kwa zinthu. Malire a K100,000 amene anaikidwa mu 2020 anakhala osasintha mpaka mu 2024, m'nyengo imene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wantchito wolandira K120,000 pa malire amenewo ankalipira K5,000, imene ili pafupifupi 4.2 peresenti. Bwana wake akamuwonjezera kufika pa K150,000 pofuna kungomuthandiza kuthamangitsana ndi mitengo, msonkho wake unkafika pa K12,500, imene ili pafupifupi 8.3 peresenti. Munthuyu sanalemere, mwinanso dengu lake la kumsika linapepuka, koma gawo lake la msonkho linawirikiza kawiri popanda lamulo lililonse kusintha. Kukwera kobisika kotereku kumagwera kwambiri amene ali pafupi ndi malire apansi, pakuti kwa wolandira mamiliyoni chigawo chosadulidwa ndi kachigawo kakang'ono ka malipiro ake. Maiko ena, monga United States kuyambira mu 1985, amasuntha malire a zigawo chaka chilichonse molingana ndi kukwera kwa mitengo, ndipo dongosolo lotere ndi loyenera kwambiri dziko limene mitengo imakwera mofulumira kuposa kudikira kuti nduna ya zachuma ikumbukire pa tsiku la bajeti.

Msonkho umodzi pawokha sungapereke chigamulo, chifukwa banja limalipira misonkho yonse kuchokera m'thumba limodzi. Misonkho iwiri ija ikaphatikizidwa, mlonda amalipira K25,700 pa mwezi, pafupifupi 12.9 peresenti, ndipo mkulu wa kampani amalipira K992,000, pafupifupi 33 peresenti, kotero kuti pakati pa awiriwa dongosolo lonse ndi lokwera ngakhale muli VAT yotsika. Chithunzichi chimasintha pakalowa munthu wachitatu, mwini nyumba zingapo za lendi amene amatolera K3,000,000 pa mwezi pamanja kuchokera kwa alendi wamba, ndipo sauza MRA kanthu. Lamulo limati lendi ndi mapezedwe oyenera kulipirirwa msonkho, koma palibe wolemba ntchito amene amamudula ndalama isanafike m'manja mwake. Ngati amagula zinthu mofanana ndi mkulu wa kampani uja, pa misonkho iwiriyi amalipira 4.4 peresenti yokha, kutanthauza kuti gawo lake ndi lochepa kuposa la mnzake wopeza mofanana naye, ndiponso lochepa kuposa la mlonda amene mwina amalondera geti la nyumba zakezo. Mbali zonse ziwiri za mfundo ya kuthekera zathyoka nthawi imodzi. Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu la chilungamo cha misonkho m'Malawi ndi m'maiko ena ofanana naye: zigawo zolembedwa m'lamulo ndi zokwera bwino, koma zimagwira mwamphamvu anthu ochepa okha amene ali pa ntchito yolembedwa, monga aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ogwira ntchito m'makampani, pamene mapezedwe ochokera ku lendi, ku malonda osalembetsa ndi ku kukwera mtengo kwa malo amadutsa mosavuta. Kukweza peresenti yapamwamba ya PAYE pamene khomo ili lili lotsegula kumangowonjezera katundu pa amene akusenza kale.

Akatswiri akafuna kuyeza zonsezi ndi manambala enieni, amatenga kafukufuku wa m'makomo, monga amene ofesi ya boma yoona za chiwerengero ku Zomba imachita pakapita zaka zingapo, n'kundandalika mabanja kuyambira losaukitsitsa kufika lolemeretsetsa, kenako n'kuwagawa m'magulu asanu kapena khumi ofanana kukula. Pa gulu lililonse amawerengera gawo la mapezedwe a dziko lonse limene gululo limalandira, ndi gawo la msonkho wonse limene limalipira. Ngati gulu lapansi limalandira magawo asanu ndi awiri pa zana a mapezedwe koma limalipira magawo khumi pa zana a msonkho wina, msonkhowo ndi wotsika. Ngati limalipira magawo atatu, ndi wokwera. Katswiri wina, Nanak Kakwani, mu 1977 anakonza njira yophatikiza kuyerekeza kumeneku kukhala nambala imodzi, imene imakhala pamwamba pa ziro msonkho ukakhala wokwera ndi pansi pa ziro ukakhala wotsika. Muyesowu uli ndi zofooka zake, chifukwa mabanja olemera kwambiri sapezeka kawirikawiri m'kafukufuku wa m'makomo ndipo akapezeka satchula zonse, ndiponso chifukwa zotsatira zimasintha malinga ndi kuti mabanja andandalikidwa potengera zimene amapeza kapena zimene amagula. Komanso kuyeza kokwanira kumafuna kuti ndalamazo zitsatidwe kumene zapita zitasonkhedwa, pakuti VAT yotsika pang'ono imene yalipirira Mtukula Pakhomo, mankhwala a m'zipatala zing'onozing'ono ndi sukulu za pulayimale ingasiye banja losauka litalandira zoposa zimene linapereka, pamene msonkho wokwera kwambiri umene wathera pa ntchito zofikira anthu a m'tauni opeza bwino okha ungalephere kuchepetsa kusiyana kwa mabanja. Pa chifukwa chimenechi owerengera amayeza kusiyana kwa mapezedwe kawiri, poyamba misonkho ndi thandizo la boma zisanawerengedwe, kenako zitawerengedwa, ndipo mpata wa pakati pa manambala awiriwo ndiwo umaonetsa zimene bajeti yonse yachita pakati pa mlonda, mkulu wa kampani ndi mwini nyumba za lendi.